Mphepo inayatsa babu, koma filimu inatunga madzi

Kumapeto kwa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, anthu a m'mudzi aunjikana pansi pa nsanja ya mitengo, milomo ili gwa ndi njala. Mnyamata wakwera pamwamba, wamasula mapiko a makina ake, mphepo yawagwira, gudumu la njinga layamba kuzungulira. Pakupita kanthawi pampu yalira m'chitsime, madzi atuluka m'paipi n'kuyamba kuyenda m'mizere ya m'munda wouma. Kenaka tikuona mbewu zitamera, kuli biriwiri. Munthu amene waonera mpaka pamenepa amadzuka ali ndi nkhani yomveka bwino m'mutu: kunagwa chilala, mwana wa zaka 14 anapanga makina otunga madzi, mudzi unapulumuka.

Tsono pali kanema wina wa mphindi zochepa amene aliyense wokhala ndi foni ndi kabandulo angamupeze. Anajambulidwa mu June 2007 ku Arusha, m'dziko la Tanzania, pa msonkhano wa TEDGlobal. William Kamkwamba weniweni, ali ndi zaka 19, waima pa nsanja ndipo akuyankha mafunso a Chris Anderson m'Chingelezi chojejemajejema. Akuti makina ake amayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri. Atafunsidwa zimene akufuna kuchita m'tsogolo, akuti akufuna kupanga makina ena oti azipopa madzi othirira mbewu. Apa n'kuti patapita zaka zisanu chichitikireni njala ija, ndipo mwiniwake nkhani ya madziyo akuikamba ngati chinthu chimene sanachifikire.

Makanema awiriwa sangakhale olondola onse. Kudziwa wolondola, ndiponso kudziwa ngati kusiyanako kuli ndi kanthu, ndi ntchito imene woonera aliyense angaigwire filimu ikatha. Nkhani ya Kamkwamba ndi yabwino kuphunzirirapo ntchitoyi chifukwa ndi yathu: malo tikuwadziwa, nyengo tikuzidziwa, ndipo amene anadya gaga m'chaka chimenecho adakali moyo.

Filimuyi inatuluka mu 2019. Inayamba kuonetsedwa ku chikondwerero cha Sundance ku America mu January, kenaka pa Netflix pa 1 March. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, Mngelezi wa makolo a ku Nigeria, amenenso anasewera ngati bambo a William, a Trywell Kamkwamba. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Gwero lake ndi buku la dzina lomwelo la mu 2009, limene William analemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer. Mawu akuti filimu yachokera pa nkhani yoona amangolonjeza kuti poyambira panali zinthu zochitikadi. Salonjeza kuti pothera padzakhalanso pomwepo.

Kuyala zaka pamzere

Chida choyamba chofufuzira filimu ya mbiri ndi pepala ndi cholembera. Mbali imodzi mulembe zochitika monga filimu yazitsatanitsira, mbali inayo mulembe zochitika zomwezo ndi mwezi kapena chaka chake chenicheni. Opanga mafilimu sakonda kupeka chinthu chatsopano kotheratu. Chimene amachita kawirikawiri n'kutenga zinthu zoona n'kuzisuntha, ndipo zinthu ziwiri zikayandikitsidwa, woonera amaganiza yekha kuti china chinachititsa chinzake.

Tiyese. William anabadwa mu August 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Filimu imayamba mu 2001 ndi imfa ya a John, achimwene a bambo ake, amene akugwa m'munda. Imfayo inachitikadi, koma m'buku William anali akadali mwana wa ku pulayimale, zaka zingapo njala isanafike. Kusuntha kumeneko sikunamizira munthu aliyense. Kukungofupikitsa njira yosonyeza mmene banjalo linasaukira.

Kusuntha kwachiwiri n'kokulirapo. M'filimu William akuyamba sekondale zinthu zikadali bwino, atavala yunifomu yatsopano, ndipo njala ikumupeza ali kale pasukulu. Koma nthawi imeneyo chaka cha sukulu m'Malawi chinkayamba mu January, osati mu September ngati lero, ndipo buku likuti anakayamba Fomu 1 ku Kachokolo kumayambiriro kwa 2002, njala itafika pachimake. Anapita kusukulu m'mimba muli pululu, ndipo sanakhalitseko chifukwa fizi, imene pachaka inkakwana pafupifupi madola 80, inasowa. Laibulale anayamba kuizolowera atasiya sukulu. Kufufuza zitsulo pa mulu wa makina otayidwa a pa esiteti ya fodya, kudula mitengo ya bulugama, kuwotcha mapaipi a pulasitiki ndi kuwaphwatalitsa kuti akhale mapiko, zonsezi zinatenga miyezi. Pamene makina ankazungulira koyamba m'chaka chomwecho cha 2002, n'kuti dowe ndi maungu zitapsa kale m'minda, anthu atakolola. Njala ya chaka chimenecho inatha monga zimathera njala zonse kuno: mbewu za m'munda zinacha, ndipo chimanga cha chithandizo chinayamba kufika.

Ndipo chimene makinawo anachita tsiku loyamba n'kuyatsa kababu kamodzi kamene William anagwirizira m'manja, anthu amene ankamutcha wamisala akuyang'ana. Kenaka anakoka waya kulowetsa m'chipinda chake. Pambuyo pake anapeza batire ya galimoto, anapanga maswichi a mapaipi ndi mphira wa masilipasi, ndipo anthu anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Madzi anabwera msonkhano wa ku Arusha utachitika, anthu akufuna kwabwino atasonkha ndalama. Anakumba mjigo pakhomo n'kuikapo pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo William anadzamanganso makina ena a mphepo othiririra dimba la banja lawo. Choncho filimu yatenga chinthu cha pambuyo pa 2007 n'kuchiika pakati pa njala ya 2002.

Masamu a pa chitsime

Ngakhale munthu atakhala kuti bukulo sanaliwerenge, pali njira ina yoyesera chochitika cha m'filimu: kufunsa ngati chingatheke ndi zipangizo zimene zaonetsedwazo. Apa masamu ake ndi a ku sekondale basi.

Ku Arusha William ananena kuti makina ake ankatulutsa mawati 12. Wati imodzi, ngati palibe mphamvu yotayika, imatha kukweza malita pafupifupi 36 a madzi pa ola kuchoka pansi pa mamita 10. Tiyerekeze kuti chitsime cha m'filimu n'chakuya choncho. Mawati 12 atipatsa malita pafupifupi 440 pa ola. Koma palibe makina osataya mphamvu. Ina imathera m'mawaya, ina potchaja batire, ina m'pampu momwemo. Titati tiwakomere mtima n'kunena kuti theka lokha ndilo latayika, tatsala ndi malita 220. Mphepo siomba usana ndi usiku mofanana, ndiye tiipatse maola asanu ndi atatu a mphepo yabwino patsiku. Apo tapeza malita pafupifupi 1,760, omwe ndi madiramu asanu ndi anayi osadzaza bwino. Batire sisintha chiwerengerochi, pakuti batire imangosunga zimene yapatsidwa.

Chimanga chikakula, m'nyengo yotentha chimamwa madzi okwana malita pafupifupi asanu patsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Malita 1,760 athirira malo otero okwana 350, kutanthauza kamunda ka mamita 35 m'litali ndi 10 m'lifupi, kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a ekala. Chitabereka bwino kwambiri, feteleza alipo, kamundako kangatulutse matumba ochepa chabe a makilogalamu 50. Ndiponso chimanga sichimva kuti anthu ali ndi njala: chimafuna miyezi itatu kuti munthu athyole dowe.

Masamuwa sakunyoza makinawo. Dimba la mpiru, tomato ndi anyezi la kukula koteroko lingasinthe moyo wa banja limodzi, ndipo n'zimene William ankalakalaka. Koma mudzi wonse woti wagona ndi njala lero sungapulumukire pamenepo. Mlimi aliyense amene anapondapo pampu ya mapazi kudimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo akudziwa kulemera kwa madzi, ndipo akaona mizere ya m'filimu ija ikusefukira akhoza kungoseka chamumtima.

Zosintha zopepuka ndi zosintha zolemera

Munthu akangoyamba kupeza zosiyana, chiyeso chake n'choti aziwerenga ngati mmene mphunzitsi amachongera zolakwa, n'kumaliza kuti filimu yonse ndi bodza. Kumeneko n'kulakwitsa. Filimu ya maola awiri singanyamule anthu onse a m'buku. William ali ndi alongo ake asanu ndi mmodzi, koma m'filimu tikuona Annie ndi kakhanda. Geoffrey, mbale wake amene ankakonza naye mawailesi ndipo anagwira naye ntchito yaikulu ya makinawo, malo ake aperekedwa kwa Gilbert, mwana wa mfumu. Kwa Geoffrey zimenezi n'zowawa ndithu, koma kwa woonera tanthauzo la nkhani silinasinthe: mnyamatayu anali ndi anzake ochepa amene sanamuseke.

Funso lothandiza posiyanitsa ndi ili: chosinthachi chikanabwezedwa mmene chinalili, kodi ndikanaganiza mosiyana za chimene chinachititsa zinthu, kapena za khalidwe la munthu wina weniweni? Pa alongo asanu ndi mmodzi aja yankho n'lakuti ayi. Pa galu, yankho layamba kupendekeka. M'filimu William akupeza Khamba atafa yekha ndi njala. M'buku akusimba chinthu chovuta kuchimeza: galuyo atawonda mpaka kutsala mafupa, William ndi mbale wake anapita naye kutchire, anamumangirira kumtengo, n'kumusiya kuti afere komweko. Filimu yamuchotsera William mtolo umenewo. Yamukometsa, koma yatibisira chinthu chimene njala imachita, chomwe ndi kukakamiza munthu wabwino kusankha chinthu chimene adzachikumbukira moyo wake wonse. Ndimaona kuti apa filimu inataya chinthu chamtengo kuposa chimene inapulumutsa.

Nkhani ya dainamo ndi laibulale ndiyo yolemera kwambiri pa zokhudza anthu. M'filimu William wazindikira kuti mphunzitsi wake wa sayansi ali pachibwenzi chobisa ndi Annie, ndiye akumuopseza kuti aulula ngati samulola kulowa mu laibulale ya pasukulupo. Pambuyo pake dainamo ya panjinga ya mphunzitsiyo ikufika m'manja mwa William kudzera mwa Annie, pamene iye akuthawa ndi bwenzi lakelo. Zolukidwa bwino, ndipo buku likuvomereza kuti Annie anachokadi pakhomo ndi mwamuna amene anali mphunzitsi. Koma laibulale yeniyeni inali kachipinda ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, ka mabuku ochokera ku America, ndipo William sanaopseze munthu kuti alowemo. Ankangopita, mayi woyang'anira mabukuwo n'kumamubwereka, nthawi zina n'kumamuthandiza mawu ovuta a Chingelezi. Mmenemo ndimo anapeza Explaining Physics ndi Using Energy, buku limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina a mphepo. Dainamo anamugulira ndi Gilbert, ndi ndalama za m'thumba mwake, kwa munthu wina wa njinga.

Kusiyanaku kuli ndi kanthu pawiri. Koyamba, filimu yaika m'kamwa mwa munthu wamoyo chiopsezo chimene buku lake silinena. Kachiwiri, yabisa chimene chinatsegula njira: laibulale yaulere m'mudzi, yoti mwana wosiya sukulu angalowemo osafunsidwa lisiti ya fizi. Woonera filimu akuphunzira kuti mwana wochenjera amadzipezera njira. Wowerenga buku akuphunzira kuti shelefu ya mabuku inali pafupi ndipo chitseko chinali chotsegula.

Njinga nayo yakula m'filimu. Kumeneko ndi chuma chomaliza cha banja, ndipo mkangano wa bambo ndi mwana pa njingayo ndiwo msana wa gawo lomaliza. M'buku inali njinga yowonongeka imene inangotsamira kukhoma, ndipo bambo anakanadi kwa kanthawi, poganiza kuti adzaikonzetsa, asanalole. Apa Ejiofor anakuza kanthu kamene kanalipo kale. Ameneyu ndi mchere wa filimu, sindingamuimbe nawo mlandu.

Njala ya 2002 ili ndi mboni zake

Kufikira pano takhala tikuyerekeza filimu ndi buku. Koma pali msampha umene ambiri amagwamo: filimu ikagwirizana ndi buku limene inachokerako, amati nkhani yatsimikizika. Ayi ndithu. Imeneyo ndi mboni imodzi yolankhula kawiri. Chitsanzo ndi nkhani ya mfumu Wimbe, imene m'filimu ikuima pa msonkhano wa Pulezidenti Bakili Muluzi, n'kunena poyera kuti anthu akufuna chakudya, kenaka n'kumenyedwa kuseri. Chochitikachi chili m'buku, choncho Ejiofor sanachipeke. Wofuna kuchitsimikiza kupitirira apo ayenera kufuna mboni ina yosadalira William: nyuzipepala za masiku amenewo, kapena akuluakulu a kwa Wimbe amene analipo pa msonkhanowo.

Pa za njala yeniyeniyo mboni zodziimira pazokha zilipo zambiri, chifukwa mabungwe, aphungu, Bungwe Lothana ndi Ziphuphu ndi akatswiri anaifufuza. Mmodzi mwa amene analemba mwatsatanetsatane ndi Stephen Devereux wa ku Institute of Development Studies ku Sussex. Zimene zimatuluka m'zofufuzazi n'zakuti njalayo sinali ya chilala chokha, ndipo chiyambi chake chinali mvula yochuluka. Kumayambiriro kwa 2001 minda yambiri inamira, ndipo zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni chaka cham'mbuyo kufika pa 1.7 miliyoni. Ndondomeko ya Starter Pack, imene inkapatsa mlimi aliyense kathumba ka mbewu ndi feteleza, inali itachepetsedwa kuti izifikira ena okha. Unduna wa Zaulimi unawerengera chinangwa ndi mbatata mopitiriza muyezo, moti ena ankati anthu akasowa nsima adya zimenezo. Opereka thandizo anali atakwiya ndi kayendetsedwe ka ndalama za boma ndipo anazengereza.

Pamwamba pa zonsezi panali nkhokwe za dziko. Chimanga chosungira pa ngozi, matani oposa 160,000, chinagulitsidwa pafupifupi chonse njala isanafike. Boma linaloza chala bungwe la IMF kuti ndilo linalangiza zogulitsa, pomwe IMF inati inalangiza zochepetsa chabe kufika pa matani 60,000, osati kusesa nkhokwe. Zofufuza zinasonyeza kuti china mwa chimangacho chinagulidwa ndi anthu a maudindo ndi amalonda. Mtengo wa kilogalamu, umene pokolola unali pa makwacha osakwana asanu, unafika pa makwacha 40 m'misika ina pofika kumayambiriro kwa 2002. A Muluzi anakana kwa nthawi yaitali kuti kuli njala, ndipo analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 27 February 2002, anthu atayamba kale kufa. Chiwerengero cha omwalira chimasiyana malinga ndi wowerenga: a boma ankanena mazana angapo, mabungwe ankanena masauzande. Kolera nayo inatenga ake.

Tikaika filimu pambali pa zimenezi, ikupambana pati, ikuperewera pati? Pa maonekedwe a njala pakhomo, yakhoza kwambiri. Banja kukhala pansi n'kusankha kuti chakudya chimodzi cha patsiku chikhale cha nthawi yanji, anthu kukankhana pogula chimanga cha boma chosakwanira, kusolola malata padenga kuti agulitse, mabanja kunyamula katundu kuchoka pamudzi: amene anaima pa mzere wa ADMARC chaka chimenecho sangatsutse. William mwiniwake akusimba ulendo wa panjinga wopita ku Chamama kukagula chimanga, ndi mmene mzere unasandukira chipwirikiti. Filimu yaonetsanso madzi osefukira chilala chisanabwere, ndipo yaonetsa boma losafuna kumva. Kumeneko n'kuyesetsa.

Pamene yaperewera ndi pa kulemera kwa zifukwa. Chithunzi chimene chimatsala m'maso ndi nthaka youma ndi bambo akulima fumbi. Nkhani ya nkhokwe zogulitsidwa, imene Amalawi ambiri amaiona ngati phata la njala imeneyo, sikupatsidwa malo oyenera kukula kwake. Ndipo apa ndi pamene kusuntha kwa pampu kuja kukuonekera zolinga zake. Ngati vuto ndi kusowa kwa madzi, yankho ndi pampu, ndipo filimu yatha bwino. Ngati vuto ndi chimanga chimene chinalipo koma chinagulitsidwa, palibe makina a mphepo amene angalithetse. Mathero anasankhidwa kaye, kenaka chiyambi chinakonzedwa kuti chigwirizane nawo. Ichi ndi chizindikiro chimene ndimachiyang'ana m'filimu iliyonse ya mbiri: vuto likakwanirana ndi yankho ngati chivundikiro ndi poto wake, pamakhala pali dzanja la wolemba.

Chichewa cha alendo, fumbi la kwathu

Amalawi ambiri atangoonera, chimene anayamba kudandaula nacho ndi chilankhulo, ndipo m'pomveka. Ejiofor, Simba ndi Aïssa Maïga, amene anasewera ngati mayi a William, anachita kuphunzira Chichewa cha filimuyo, ndipo khutu la Mchewa limamva msanga pamene mawu akwera posayenera kukwera. Pena munthu wa ku Kasungu amachita kuwerenga mawu a Chingelezi a m'munsi kuti amve Chichewa chimene chikulankhulidwa. Lily Banda, Mmalawi amene anasewera ngati Annie, akangotsegula pakamwa kusiyana kumaonekeratu.

Koma kulondola kwa kamvekedwe ndi kulondola kwa zochitika ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo zimasokoneza mbali zonse. Mmalawi angataye filimu yonse chifukwa cha katchulidwe, osaona kuti njala yaonetsedwa moona. Mlendo angakhulupirire filimu yonse chifukwa inajambulidwa ku Kasungu komweko, m'fumbi lenileni, muli nyumba za njerwa zosawotcha, zitenje ndi gule wamkulu pamaliro, osadziwa kuti mathero ake asunthidwa ndi zaka zisanu. Opanga mafilimu amawononga ndalama zambiri pa zovala ndi malo chifukwa amadziwa kuti diso likakhutira, mutu sufunsanso. The Last King of Scotland ya mu 2006 inajambulidwa ku Uganda, ndipo Forest Whitaker anamutengera Idi Amin mpaka analandira mphoto ya Oscar. Komabe dokotala wa ku Scotland amene nkhani yonse yazungulira pa iye, Nicholas Garrigan, sanakhaleko ndi kale lomwe. Anachokera m'buku lopeka la Giles Foden.

Nalo buku la Kamkwamba lisatengedwe ngati mawu omaliza. Linalembedwa patapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, kuchokera m'zokumbukira za munthu amene panthawi ya zochitikazo anali mwana, ndipo linakonzedwa ndi mtolankhani wodziwa zimene owerenga a ku America amakonda. Zokambirana zimene zili mmenemo ndi zokumbukira, palibe amene ankazijambula. N'chifukwa chake kanema wa ku Arusha uja ali wamphamvu pa funso la madzi: anajambulidwa buku lisanalembedwe, filimu isanaganiziridwe, ndipo wolankhulayo analibe chifukwa chochepetsera zimene anachita. Pofufuza, umboni wa pafupi ndi nthawi ya chochitika umaposa wa pambuyo, ndipo umboni wa munthu amene sapindulapo kanthu umaposa wa amene akugulitsa nkhaniyo. Nyuzipepala zakale zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Ndipo pa nkhani ngati iyi, agogo amene ali pakhomo ndi mboni yoposa tsamba lililonse la pa intaneti lotchula zoona ndi zonama za m'mafilimu, pakuti masamba oterowo ambiri amangokoperana. Muwafunse zinthu zogwirika: chimanga ankagula kuti, pa mtengo wanji, dowe anayamba kudya mwezi uti. Mukawafunsa ngati filimu yanena zoona, adzakuyankhani za filimu. Mukawafunsa za mtengo wa chimanga, adzakuyankhani za 2002.

Zaka zimene filimu inalumpha

Chinthu chovuta kwambiri kuchigwira m'filimu ya mbiri ndi chimene sichinaonetsedwe n'komwe, chifukwa palibe chithunzi choti muchitsutse. Chimaoneka pokhapokha pa pepala la zaka lija, pamene mbali ya zenizeni ili ndi mizere yambiri ndipo mbali ya filimu ili mbee.

Madzi akangotuluka, filimu ikuthamangira kumathero: mwayi wa sukulu, mawu olembedwa ndi zithunzi za anthu enieni. Woonera amaganiza kuti dziko linaona makinawo n'kuthamangira kudzamutenga mwanayo. Zoona zake n'zakuti kuchokera mu 2002 mpaka kumapeto kwa 2006, William anali pamudzi, osapita kusukulu, akulima ndi bambo ake, makina ake akuzungulira kuseri kwa nyumba. Mphepo yamphamvu inkawawononga, iye n'kumakonza. Anayesa kupanga pampu ya madzi ya mapaipi, sinagwire bwino ntchito. Njala itabweranso mu 2005 ndi 2006, buku likuti ena anayamba kunena kuti nsanja ija ndi ya ufiti, ikuthamangitsa mitambo ya mvula. Makina amene filimu ikuti anathetsa njala, m'moyo weniweni ena anawanamizira kuti ndiwo aibweretsa.

Chimene chinasintha zinthu ndi ulendo wa akuluakulu a Malawi Teacher Training Activity, bungwe limene linkayang'anira malaibulale ngati ya ku Wimbe. Anabwera kudzayendera mabuku awo, anamva za mnyamata amene anagwiritsa ntchito limodzi mwa mabukuwo, ndipo uthenga unafika kwa Dr. Hartford Mchazime. Iwo anapita okha ku Masitala, anabweranso ndi atolankhani, ndipo mu November 2006 nkhaniyo inatuluka mu Daily Times. Inafalikira pa intaneti mpaka inafika kwa okonza msonkhano wa ku Arusha. A Mchazime ndiwonso anavutikira kuti William abwerere m'kalasi, ali ndi zaka 19, pakati pa ana aang'ono kwa iye. Pambuyo pake anapita ku African Leadership Academy ku Johannesburg mu 2008, kenaka ku Dartmouth College ku America, kumene anatsiriza maphunziro mu 2014.

Zaka zotsatira msonkhano wa ku Arusha zinajambulidwa pamene zinkachitika, mu filimu ya zochitikadi ya Ben Nabors yotchedwa William and the Windmill, imene inatuluka mu 2013. Mmenemo William akuoneka atatopa ndi maulendo, akulimbana ndi maphunziro amene anatsalira, ndiponso akusenza ziyembekezo za achibale kumudzi ndi za azungu amene ankamuthandiza. Imeneyonso ili ndi mbali yake yoti woonera aidziwe: mmodzi mwa anthu ooneka kwambiri mmenemo ndi Tom Rielly wa ku TED, amene anatsogolera ntchito yosonkhetsa ndalama zothandizira William, ndipo kamera inayamba kumutsatira mnyamatayo atatchuka kale. Za pakati pa 2002 ndi 2006 mboni zake ndi mitu yakumapeto ya bukulo ndi anthu a kwa Wimbe.